Funso: nkhuku zikhale zinayi, kachewere akhale ndowa yathunthu, nthawi yophika ndiiwerengere bwanji?

Mayi wa pa Dedza boma: Azimayi ndi azibambo a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe cha mng'ono wanga, ndipo a kubanja andipatsa ntchito yowotcha nkhuku zinayi za chizungu, iliyonse yolemera makilogalamu 1.5, komanso kuwiritsa ndowa imodzi ya mbatata ya kachewere imene ndagula ku Bembeke. Masiku onse ndimawotcha nkhuku imodzi mu uvuni wamagetsi pa madigiri 180 kwa ola limodzi ndi theka. Pa Khirisimasi ndinaika nkhuku ziwiri n'kuzisiya maola atatu poganiza kuti nthawinso iyenera kuwirikiza, koma zinatuluka zouma gwa, moti apongozi anga anachita kumwera madzi kuti nyama ya pachifuwa itsike. Kodi nthawi imeneyi imawerengedwa motani?

Bambo wa ku Tsangano: Amayi, musawonjezere mphindi ngakhale imodzi. Moto ndi womwewo, ndiye kaya nkhuku ndi imodzi kaya ndi khumi, zonse zidzapsa pa ola limodzi ndi theka.

Mayi wophika pa maukwati, Ntcheu: Abambo a ku Tsangano anena zoona mbali imodzi yokha. Achemwali, chimene chimalamula nthawi si kulemera kwa zonse pamodzi ayi, koma kunenepa kwa chinthu chimodzichimodzi, chifukwa kutentha kumalowa kuchokera kunja mpaka kukafika pakati. Nkhuku ziwiri zogonekedwa motalikirana zimapsa iliyonse payokha, ndiye mukanangowonjezera mphindi 10 kapena 15, popeza nyama yozizira ikachuluka imayamba yatsitsa kutentha kwa uvuni. Zikakhala zinayi mu uvuni wapakhomo nkhani imasinthako, chifukwa zimathithikana, nthunzi imachuluka, ndipo pamene zagundanapo pamatsala poyera ndi posapsa. Ine ndimaika ziwiri pathireyi yam'mwamba, ziwiri yam'munsi, kusiya mpata wolowa zala zitatu pakati pake, kenako ikatha mphindi 50 ndimasinthanitsa mathireyiwo. Ndimayamba kuziyesa pa ola limodzi ndi mphindi 40, koma kawirikawiri zimayandikira maola awiri.

Nthawi imakwera kwambiri pamene nkhuku yakeyo ili yaikulu. Mawerengedwe amene ambiri timatsata ndi mphindi 45 pa kilogalamu iliyonse, kuwonjezerapo mphindi 20. Yanu ya makilogalamu 1.5 ikupereka mphindi pafupifupi 88, lomwe ndi ola limodzi ndi theka lanu lija, pamene ya makilogalamu 2 ikupereka mphindi 110. Komabe wotchi isakhale woweruza. Bayani ndi mpeni mkati mwa ntchafu pafupi ndi fupa: madzi akatuluka oyera yapsa, akatuluka ofiirira ibwezereni mphindi 10. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha aone kuti pamenepo pafika madigiri 75.

Mnyamata wa pa Lizulu: Ifetu kwathu nkhuku timaiwiritsa maola awiri, apo ayi mano amatsala m'nyama. Ola limodzi ndi theka silingakwane.

Mayi wa pa Dedza boma: Achimwene, inu mukunena nkhuku ya lokolo, imene ndi yolimbadi. Zanga ndi zachizungu za masabata asanu ndi umodzi. Nanga za kachewere, amayi a ku Ntcheu?

Mayi wophika pa maukwati, Ntcheu: Pa kachewere werengani nthawi ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi yoti madzi ayambe kubwata, ndipo imeneyi ndi imene imatalika chakudya chikachuluka, moti sefuliya yaikulu pamoto wankhuni ikhoza kudya theka la ola kapena kuposa isanabwate. Yachiwiri imayambira pamene madzi abwata, ndipo siisamala kuti mbatatayo ndi yochuluka bwanji: yaikulu ngati dzira imapsa pa mphindi 20 mpaka 25, yaikulu ngati chibakera imapitirira 30. Choncho isankheni kapena muidule kuti ifanane, muiike m'madzi ozizira okwanira kuimiza, ndipo muigawe m'masefuliya awiri, chifukwa ndowa yonse mu mphika umodzi yapansi imaphwanyika yapamwamba isanafewe. Foloko ikalowa mpaka pakati osakakamira, tsanulani madzi nthawi yomweyo.

Mphunzitsi wa sayansi, Linthipe: Ndiwonjezereko pang'ono. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo pamenepo madzi amawira pa madigiri 95, osati 100 ngati m'mbali mwa nyanja yamchere. Chifukwa cha ichi chowiritsa chilichonse chimachedwerako, ndipo kusonkhezera moto madzi atabwata kale sikuwatenthetsa kuposa apo, kumangowaphwetsa. Ikani mphindi zisanu zapadera pa kachewereyo.

Bambo wa ku Tsangano: Aphunzitsi, kwathu n'kokweranso, koma mbatata yongokumba kumene imapsa msanga ndithu, ndipo mphindi zisanu zanuzo zidzawaphikitsa phala.

Mayi wa pa Dedza boma: Yanga inakumbidwa sabata yatha, ndiye ndidzayamba kubaya ndi foloko pa mphindi 20. Chatsala n'chakuti uvuni wanga ndi waung'ono, mathireyi awiri amalowa mokakamiza. Ndikawotcha ziwiriziwiri, zoyambazo ndidzazisunga bwanji kwa ola limodzi ndi theka kuti zisazizire komanso zisaume?