Kalata ya tchuti cha matenda kwa munthu wochitidwa opaleshoni ya phudzi

Kiliniko ofesala, Chikwawa: Akuluakulu, ndili ndi bambo wodula nzimbe amene tinamuchita opaleshoni ya phudzi pa 3 Juni, ndipo anatuluka pa 5 Juni. Kuntchito akufuna kalata, koma iye wandipempha, maso ali pansi, kuti dzina la matendawo lisaoneke, chifukwa kalatayo imadutsa m'manja mwa kapitawo isanafike kwa akalaliki. Ndilembe bwanji kuti asaikane?

Namwino, Ngabu: Achimwene, ingolembani kuti akudwala ndipo apume milungu inayi. Zina zonse ndi chinsinsi cha wodwala.

Dokotala, Nsanje: Pa zachinsinsi mwalondola mayi, koma kalata yotero akhoza kuibweza. Gawo 46 la lamulo la zantchito la 2000 limati wolemba ntchito sakakamizidwa kupereka tchuti ngati kalata ya dokotala wolembetsedwa sinafotokoze chimene chikumulepheretsa munthuyo kugwira ntchito. Ine ndimamva kuti akufunsa zimene thupi silingathe kuchita, osati dzina la nthenda. Tanthauzo la zimene ndimalemba ndi ili: "Ndikutsimikiza kuti bambo uyu anagonekedwa kuyambira pa 3 mpaka pa 5 Juni ndipo anachitidwa opaleshoni. Sangathe kugwira ntchito yonyamula zolemera, yowerama kapena yopalasa njinga kuyambira pa 3 mpaka pa 30 Juni, tsiku limene tidzamuonenso." Pansi pake dzina lanu, udindo, nambala yanu ya ku khonsolo ya madokotala, saini, tsiku ndi chidindo. Musalembe "milungu inayi" popanda masiku, chifukwa ena amayamba kuwerenga tsiku la opaleshoni, ena tsiku lotuluka, ndipo wovutika pa malipiro amakhala wodwalayo.

Wothandizira madokotala, Bangula: Ine ndinachita zonsezi kwa mayi wina, koma chinsinsi chinaululika ndi chidindo, pakuti chinali ndi dzina la wodi imene anagona. Yang'anani chidindo musanadinde, ndipo buku lake la kuchipatala asalisiye kuntchito ngati umboni.

Namwino, Ngabu: Nanga milungu inayi ikwana? Ndi kutentha kwa kuno, thukuta limachedwetsa bala la malo amenewo, ndipo chikwanje si cholembera.

Dokotala, Nsanje: N'chifukwa chake ndayika tsiku lomuonanso. Ngati pa 30 Juni malowo akadali otupa, akupweteka kapena bala likuchucha, mulembe kalata yachiwiri yowonjezera milungu iwiri, osafufuta pa yoyamba ija. Koma mumuuziretu kuti lamulo limapereka milungu inayi ya malipiro athunthu ndi isanu ndi itatu ya theka la malipiro pa chaka, kwa amene wagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza.

Kiliniko ofesala, Chikwawa: Zikomo adokotala, mawuwo ndatenga. Chandivuta tsopano ndi miyezi 12 imeneyo, chifukwa bamboyu amalembedwa nyengo yodula nzimbe yokha, ngakhale wabwerako zaka zingapo. Ndamuuza kuti mawa abwere ndi pepala la mgwirizano wake wa ntchito, kenako akafunse ku ofesi ya zantchito kuboma.