Ndingaike bwanji malire pa ndalama zothandizira achibale popanda kudziimba mlandu?

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru zanu. Ndine woyamba kubadwa m'banja mwathu, ndipo ndimagwira ntchito ya uphunzitsi ku Lilongwe. Mwezi uliwonse ndimatumiza K60,000 kwa mayi anga kumudzi ku Ntcheu, komanso ndimalipira fizi ya mng'ono wanga wa Folomu 3, ndipo zimenezi ndimachita ndi mtima wonse.

Chimene chandithetsa nzeru ndi mapempho obwera pakati pa mwezi. Mu Novembala amalume anandiimbira foni kuti ndiwagulire thumba la feteleza, ndipo sabata isanathe msuweni wanga anafuna ndalama yoyendera kupita kumaliro. Ndinatenga katapila kuti ndikwanitse zonsezi, moti mwezi wotsatira lendi ndinalipira mochedwa, ndipo ana anga anadya nsima ya masamba okhaokha masiku ambiri, mkazi wanga osayankhula kanthu.

Ulendo wina nditawauza amalume kuti ndilibe, anandikumbutsa kuti anagulitsa mbuzi ziwiri kuti ine ndilembe mayeso a Folomu 4. Ananena zoona, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndikuganiza zopatula K20,000 pamwezi ya matenda ndi maliro okha, kuti ikatha ndizinena poyera kuti yatha. Kodi inu amene munayesapo njira yotere, munawafotokozera bwanji akuluakulu popanda kuoneka wamwano? Nanga ndi bwino kuti ndiyambe ndakambirana ndi mayi anga, kapena ndikakhale pansi ndi amalume pamaso m'pamaso?