Kodi tilipire MDM pa mafoni 22 a alangizi athu akumudzi?

Mlembi wa ku Dedza: Moni nonse. Bungwe lathu linagulira alangizi mafoni 22 a Android oti azilembera alimi pa pulogalamu ya mafomu ya KoboCollect. Vuto ndi lakuti bandulo ya mwezi wonse ikumatha pa sabata ziwiri, ndipo mafoni atatu ali m'kabati chifukwa anthu amene anasiya ntchito anaikamo maakaunti awo a Gmail, moti titawafufuta akufunabe pasiwedi ya eni maakauntiwo. Kampani ina yatiuza kuti MDM yawo, pulogalamu yoyang'anira mafoni a bungwe uli patali, ndi madola 3 pa foni pamwezi, kutanthauza madola 792 pachaka. Kodi ndalama imeneyi ndi yoyenera kuitaya?

Wa ku Mangochi: Musalipire, mayi. Ife tinalipira chaka chathunthu, ndipo foni itabedwa pa depoti ndinatumiza lamulo loti ifufutike, koma mpaka lero pa kompyuta pakuonetsa kuti lamulolo likudikira. Wotigulitsayo anasiya kuyankha mafoni anga, ndipo ine ndi amene ndinakayankha mlandu pamaso pa abwana.

Wamakompyuta wa ku Lilongwe: Bambo a ku Mangochi, pamenepo sanakubereni, kungoti sanakuuzeni zonse. Lamulo lofufuta limafika pafoni pokhapokha foniyo italumikizidwa ku intaneti, choncho wakuba akachotsa simu khadi n'kuzimitsa foni, lamulolo lingodikira. Chimene chimateteza mayina a alimi pa nthawi yoteroyo ndi nambala yachinsinsi yotsegulira foni, ndipo MDM imakakamiza kuti nambalayo ikhalepo.

Mayi a ku Dedza, phindu lenileni kwa inu lili pa mafoni ali m'kabatiwo. Foni ikalembetsedwa ngati katundu wa bungwe, mukhoza kuletsa kuikamo akaunti yaumwini, kuletsa kuifufuta, komanso kusankha akaunti ya bungwe imene idzaitsegule ngati wina waifufuta mokakamiza. Koma zimenezi zimatheka pafoni yatsopano kapena yofufutidwa kumene: mumagogoda kasanu n'kamodzi pa tsamba loyamba lolandira munthu, kamera imatseguka, kenako mumajambula QR imene MDM yakupatsani. Mukangoika pulogalamuyo pafoni yomwe ikugwira kale ntchito, mphamvu zimenezi simuzipeza. Choncho musanafufute, mlangizi aliyense atsegule KoboCollect ndi kuonetsetsa kuti pa Ready to send ndi pa Drafts palibe fomu yotsala, chifukwa zimene sizinafike pa seva zipita ndi foniyo.

Mkulu wa pulojekiti: Ife tili ndi mafoni oposa 300 pa Intune, MDM ya Microsoft, ndipo sitinalipirepo kanthu kapadera. Sindikumvetsa chifukwa chake mafoni 22 okha akukusowetsani tulo.

Wamakompyuta wa ku Lilongwe: Mumalipira, bwana, koma ndalamayo ili mkati mwa layisensi ya Microsoft 365 imene likulu lanu limagula. Mukawafunse a kumaakaunti.

Mlangizi wakale: Ine ndinanyamulapo foni yotsekedwa chonchi, ndipo ndikupempha kuti mumvenso mbali yathu. Anatisiyira pulogalamu imodzi yokha, moti njinga yamoto itandifera madzulo sindinathe kutumiza chithunzi kwa makaniko kapena kulandira ndalama ya mafuta pafoni. Zotsatira zake aliyense anayamba kuyenda ndi mafoni awiri, ya bungwe n'kumaisiya kunyumba, ndiye mapu a pa MDM yanu adzakuonetsani kuti mlangizi wakhala pakhomo sabata yonse pamene munthuyo ali kumunda.

Wa ku Kasungu: Bwanji osaika Family Link? Ndi yaulere, ndipo ine ndimatsekera nayo mafoni a ana anga popanda kulipira dola iliyonse.

Mkulu wa pulojekiti: Ndiye mlangizi wa zaka 45 mumulembetse ngati mwana wanu?

Wamakompyuta wa ku Lilongwe: Ngati nkhani ndi mtengo, Mobile Device Manager Plus ya ManageEngine ili ndi mtundu waulere wofika zipangizo 25, ndipo inu muli ndi 22. Mukadzawonjezera mafoni anayi mudzadutsa malirewo. Yesani kaye pa mafoni awiri kwa mwezi umodzi, makamaka otsika mtengowo, chifukwa ena amatseka mapulogalamu mwakachetechete pofuna kusunga batire. Mudzadziwa vutoli mukaona kuti foni yakhala masiku osaonekera pa MDM pamene mlangizi wake akutumiza mafomu tsiku lililonse.

Wa ku Mangochi: Ife anatilipiritsa madola 5 pa foni, osati 3, ndipo kuti banki itipatse madolawo tinadikira nthawi yaitali. Mufunse ngati akulandira makwacha musanasaine chilichonse.

Mlembi wa ku Dedza: Zikomo nonse. Za bandulo palibe amene wandiyankha, ndipo sindinamvetse ngati MDM ingatsegule mafoni atatu ali m'kabatiwo.

Wamakompyuta wa ku Lilongwe: Singawatsegule, mayi, chifukwa anatsekeka kale. Muwapemphe amene anasiya ntchitowo abwere adzalembe okha pasiwedi. Za bandulo, MDM imaletsa kuika TikTok ndi kugawira ena intaneti kuchokera pafoniyo, koma siingaletse munthu kuchotsa simu khadi n'kuiika m'foni yake.