Mwana wanga wa kusekondale anatsutsa tchati cha wandale, pano akumuuza apepese. Nditani?

Wofunsa: Abale ndithandizeni, tulo sindikupeza. Mtsikana wanga wa zaka 16 wandiika m'mavuto. Kusukulu kwawo kunabwera mkulu wina wandale kudzayankhula, anaonetsa tchati pakhoma, ndiye mwanayu anakweza dzanja n'kunena kuti tchaticho chili ndi chinyengo. Holo yonse inangoti zii. Lero ahedi andiitana kuti alembe kalata yopepesa pasanafike Lolemba. Bambo ake ndawauza, angoti "zako ndi mwana wako", monga mwa masiku onse, ngakhale tsiku limene anadwala ndinathamanga naye ndekha. Mlamu wanga nayenso wayamba kale kulalika kuti ndimamulekerera, chonsecho ake anasiya sukulu palibe amene anayankhulapo. Mwanayu sadya, wangodzitsekera kuchipinda. Alembe kalatayo kapena ayi?

Bambo Wachikulire: Alembe lero lomwe! Ana a masiku ano mwambo mulibe. Munthu wamkulu wasiya ntchito zake kudzakuyankhulani, iwe kamwana n'kumuchititsa manyazi pagulu? Ife tikanayerekeza zimenezo sitikanagona m'nyumba.

Mphunzitsi wa Masamu: Mayi, mwatiuza za amuna anu ndi alamu anu, koma chachikulu simunanene. Pa tchatipo panali chiyani, ndipo mwanayo anaonapo chiyani? Popanda zimenezo sitingadziwe ngati analakwa kapena ayi.

Mnyamata Wina: Mumufunse ngati akufuna kudzaima pa chisankho, voti yanga ndamusungira kale.

Bambo Wachikulire: Aphunzitsi, kaya panali chiyani zilibe ntchito. Nkhani apa ndi ulemu.

Mayi wa Ana Anayi: Ine mwana wanga anamuchotsa m'kalasi sabata yathunthu chifukwa choti anauza aphunzitsi kuti alakwitsa kuchonga. Ndinapita katatu osandithandiza, mpaka ndinamusamutsa. Akuluakulu safuna kuuzidwa, mayi, mungozolowera.

Wofunsa: Pepani aphunzitsi, mutu wanga sukuyenda. Ndamufunsa. Akuti panali mizati iwiri yoonetsa ana okhoza mayeso m'deralo. Woyamba unali waufupi, pamwamba pake polembedwa 62 peresenti. Wachiwiri unali wautali katatu, polembedwa 66. Mkuluyo anati "onani nokha, takweza maphunziro katatu". Mwanayu ndiye anafunsa kuti bwanji manambala a m'mbali akuyambira pa 60 osati pa 0.

Mphunzitsi wa Masamu: Ndiye mwana wanu anaona bwino, ndipo ine ndikanakhala m'holomo ndikanamuombera m'manja. Taonani chimene chinachitika. Wojambula atayambira pa 60, mzati wa 62 unangotsala ndi masitepe awiri kutalika kwake, pomwe wa 66 unatsala ndi masitepe 6. Ndiye 6 ndi katatu ka 2, n'chifukwa chake diso likuona ngati zakwera katatu. Koma masitepe 60 a pansi, amene mizati yonse iwiri ili nawo mofanana, anawadula n'kuwabisa. Zili ngati kuimika anthu awiri kuseri kwa mpanda, wina n'kuonekera tsitsi lokha, mnzake mutu wonse, inu n'kumati wachiwiriyo ndi chimphona. Muuzeni atenge lula ajambule yekha kuyambira pa 0: mzati wina mamilimita 62, wina 66. Kusiyana kwake ndi mamilimita 4 okha, muchita kuyang'anitsitsa kuti mukuone. Mwa ana 100 aliwonse, okhoza awonjezekera ndi anayi. Kuti akhale katatu pakanafunika 186 mwa 100, zomwe n'zosatheka.

Bambo Wachikulire: Nanga 66 si yoposa 62? Zakwera basi! Bodza lili pati pamenepa? Manambalawo anawalemba poyera, aliyense amawaona. Inu aphunzitsi ndi amene mukuwononga anawa.

Mphunzitsi wa Masamu: Bambo, zakweradi, palibe akukana. Manambala olembedwawo atha kukhala oona ndithu. Cholakwika ndi chithunzicho ndi mawu oti "katatu". Munthu wokhala kumbuyo kwa holo sawerenga timanambala, amangoona kutalika kwa mizati n'kupita nako kunyumba.

Wophunzira ku Koleji: Lamulo lake n'losavuta: tchati chilichonse chosayambira pa 0 ndi chabodza. Mukangoona choncho musachikhulupirire.

Namwino: Ayi achimwene, pamenepo mwapitirira. Ife tchati cha kutentha kwa thupi la wodwala sitiyambira pa 0. Munthu wabwinobwino amakhala cha pa madigiri 37, akafika 39 ndiye kuti zavuta. Titayambira pa 0 mzerewo ungaoneke wogona, osaonetsa kuti munthu akudwala. Ndiye ifenso ndife abodza?

Mphunzitsi wa Masamu: Anamwino akunena zoona. Tchati cha mzere wokwera ndi kutsika chimaonetsa kusintha, choncho chitha kuyambira pena paliponse bola manambala a m'mbali aoneke bwino. Koma pa mizati, uthenga wonse uli m'kutalika kwa mzatiwo. Ukaudula pansi wasintha uthenga.

Wophunzira ku Koleji: Komabe ngakhale cha mzere chomwecho munthu atha kuchikoka kuti kaphiri kaoneke ngati phiri.

Namwino: Zimenezo sindikutsutsa.

Bambo Wachikulire: Mwayamba kukambirana za odwala tsopano. Ine ndikuti mwana apepese. Mawa adzafuna ntchito, adzafuna kalata ya ahedi omwewo. Masamu anuwo adzamudyetsa?

Wowerengera Ndalama: Ine kuntchito kwathu bwana anandiuza ndikonze tchati cha malonda chotere chomwechi. Nditayambira pa 0 anandibwezera kuti sichikusangalatsa. Koma nthawi zina si dala, mapulogalamu ena a pakompyuta amasankha okha poyambira manambala akakhala oyandikana. Mwina wandaleyo sanajambule yekha. Chimene ine ndingafunse n'china: mizatiyo inali ya zaka ziti?

Wofunsa: Akuti woyamba unali wa chaka chimene mkuluyo ankalowa pa udindo, winayo wa chaka chatha. Pakati pake padutsa zaka zisanu koma za pakatizo panalibe.

Wowerengera Ndalama: Apo ndiye pofunika kufufuza. Ngati chaka choyambacho chinali choipa mwapadera, chilichonse chobwera pambuyo chioneka chabwino. Mwina chaka cha m'mbuyo mwake anakhoza 67, ndani akudziwa? Komanso peresenti imakwera ngati ana ofooka sanalembe nawo mayeso. Afunse kuti analemba angati chaka chilichonse.

Mayi wa Ana Anayi: Kufunsa ndani? Ine ndinafunsa katatu konse.

Bambo Wachikulire: Eya, mumutume kafukufuku, Lolemba likafika mudzalira ndi mayi akewa.

Namwino: Mayi, funso langa ndi loti anayankhula bwanji? Ngati anati "mukunama" pagulu, atha kupepesa pa mawu amenewo okha. Koma asalembe kuti tchaticho chinali cholondola. Mupite naye kwa aphunzitsi ake a masamu ndi pepala la mizati iwiri ija, iwo akayankhule ndi ahedi.

Wofunsa: Iye akuti anangofunsa za 60 uja, koma mnzake akuti mkuluyo atayankha kuti "khala pansi", mwanayu ananena kuti "ndiye si katatu". Sindikudziwa ngati kumeneko n'kuchita mwano. Aphunzitsi ake a masamu anali pomwepo ndipo sanayankhule kanthu, nanga ndikawapeza adzandithandiza? Pepala lija wajambula, walisiya patebulo, wabwereranso kuchipinda.

Bambo Wachikulire: Mwamva? Anamuuza khala pansi, iye n'kuyankhanso. Ndimanena ine.