Kasitomala wa ku Lyon uja wayankha

Ndinafunsa kuti: "Ndingamukumbutse bwanji mwaulemu m'Chifalansa kasitomala amene wakhala chete milungu iwiri chilandirireni mitengo yanga?"

Zikomo kwambiri nonse amene munandithandiza. Ndinatsatira malangizo a mayi aja amene anati ndisayambe imelo yatsopano, koma ndiyankhe pa yoyamba ija n'kuikamonso pepala la mitengo. Nditapereka moni ndinalemba kuti:

«Je me permets de revenir vers vous au sujet du devis envoyé le 3 mars. Avez-vous pu en prendre connaissance ?»

Apa ndikupempha kubwereranso pa nkhani ya mitengoyo, n'kufunsa ngati anapeza mpata woiona. Palibe mawu odandaula kuti sanayankhe. Ndinatchulanso tsiku limene mitengoyo idzasiye kugwira ntchito, n'kutseka ndi «Bien cordialement».

Anayankha m'mawa mwake. Anati mitengo ilibe vuto, chinawaimitsa n'chakuti sindinalembe tsiku loperekera katundu. Nditawauza, anabweza pepala lija atasaina, atalembapo «Bon pour accord», kutanthauza kuti avomereza.

Kwa amene mudzalembe yotere, funsaninso ngati pali china chosamveka pa pepalalo, chifukwa n'chimene chinagwira ineyo. Ndipo gwiritsani ntchito «vous», kutanthauza "inu", osati «tu», kutanthauza "iwe", ngakhale munachezapo kale pafoni.