Za kontilakiti ija ndabweranso

Ndinafunsa kuti: "Kontilakiti ya lendi ndiiwerenge bwanji kuti ndigwire zolakwika potaipa ndisanasaine?"

Zikomo nonse munandiyankha. Ndinatsata ija yoti ndipulinte kaye, kenako rula pansi pa mzere, kuwerenga mokweza liwu limodzilimodzi cholembera chikuloza. Abale inu zinathekadi! Tsamba lachiwiri "ndi" anali kumapeto kwa mzere ndiye kumayambiriro kwa wotsatira "ndi" winanso, katatu konse ndinawerenga pafoni osamuona. Penanso analemba "mwzi", ameneyo ndinamugwira nditayambira kumapeto kubwerera m'mbuyo, poti ukatero mutu sumaganizira tanthauzo, umangoona zilembo.

Chinandiopsa ndi lendi, manambala K150,000 koma m'mawu alemba ina, ndiye muzifananiza ziwirizi. Alandilodi anakonza ndipo tinapulintanso ndisanasaine.