Chinangwa chowawa ndichiviike masiku angati?

Abale anga, makamaka a kunyanja, ndithandizeni. Ine ndinakulira ku Lilongwe, kumene manyokola timangosenda n'kukukuta osaphika. Sabata yatha apongozi anatitumizira thumba la chinangwa kuchokera ku Nkhotakota. Mwachizolowezi ndinasenda chimodzi n'kuluma. Kuwawa kwake! Ndinameza pang'ono, ndipo madzulo mutu unkawawa, chizungulire, mseru.

Nditawaimbira anaseka, amvekere chimenecho ndi cha kondowole, sadya chachiwisi. Mphwanga wophunzira zaulimi akuti chinangwa chilichonse chili ndi poizoni wotchedwa sayanaidi, kungoti m'chozizira ngwochepa ndipo wambiri amakhala m'khungu, pomwe m'chowawa ali ponseponse. Akuti amatuluka chinangwa chikaphwanyika kapena kufewa m'madzi, kenaka amauluka pochiyanika kapena pochiphika. Ukachitafuna chachiwisi, amatulukira m'thupi mwako. Anandiwopsezanso ndi konzo, matenda opuwalitsa miyendo amene anagwira anthu ambiri ku Nampula, m'dziko la Mozambique, m'chilala cha 1981.

Ndiye ndasenda, ndaviika m'ndowa, lero ndi tsiku lachitatu. Madzi achita thovu, fungo lamveka, koma zidutswa zikuluzikulu pakati pakadali gwa. Apongozi anati masiku atatu kapena anayi, koma kwawo n'kotentha, kuno Juni wazizira. Ndiwerenge masiku, kapena ndidikire mpaka chiziphwanyika ndi zala? Madziwo ndizisintha, kapena kusinthako kuchedwetsa kufewa?

China: zotsalazo ndikangozidula n'kuyanika ngati makaka osaviika, dzuwa lokha lingachotse poizoniyo? Ndili ndi ana awiri aang'ono, sindikufuna kuyesera pa iwo.